Hekitala, sikweya kilomita kapena sikweya mailosi: ine ndiye ndinapsa ndi mailosi

Anzanga akhala akundifunsa kuti pofananiza kukula kwa maboma kapena nkhalango agwiritse muyezo uti, ndiye ndiyankhe kamodzi pano. Ndineneretu kuti sikweya mailosi ndili nayo chifukwa, inandilipiritsa kawiri kosindikiza.

Ndinkakonza tchati cha ana a kalabu ya zachilengedwe kuno ku Nkhotakota, chosonyeza kukula kwa gemu yathuyi, nkhalango yosungirako nyama zakutchire ija, poyerekeza ndi boma la Salima. Pepala lomwe ndinali nalo linalemba kuti gemu ndi pafupifupi masikweya mailosi 700, pomwe Salima ndinaipeza mu masikweya kilomita, 2,196. Ine mumutu ndinangoti mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, nkutaimusa 700 ndi 1.6, nkupeza 1,120. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti gemu ndi theka la Salima, nkukasindikiza pa pepala lalikulu lonyezimira lija. Aphunzitsi ena achikulire atangoliona anagwira pakamwa, amvekere, "Achimwene, gemuyi mwaidula ndi chikwanje chanji?"

Vuto ndi loti 1.6 uja ndi wa mtunda, wa msewu ngati mukuchoka pa boma kupita ku Dwangwa. Malo ali ndi mulitali ndi mulifupi, ndiye 1.6 amayenera kulowa kawiri. Jambulani bokosi la mailosi imodzi mbali zonse, mbali iliyonse ndi makilomita 1.609, mukataimusa 1.609 ndi 1.609 mupeza 2.59, imeneyo ndiye nambala yosinthira sikweya mailosi kupita ku sikweya kilomita. 700 kutaimusa 2.59 ikubwera 1,813, zomwe zikugwirizana ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,800 omwe amalembedwa kawirikawiri. Ndiye kuti gemu si theka la Salima ayi, Salima mutamugawa zigawo zisanu gemu ikutenga zinayi nkupitirirako pang'ono. Ine ndinali nditataya malo pafupifupi masikweya kilomita 700, njovu zonsezo kaya ndinkati zikakhale kuti.

Chomwe chimapweteka ndi choti 1,120 sioneka yolakwika, imaoneka nambala yabwinobwino ndithu. Pano ndimayesa chonchi: malo amodzi omwewo, nambala ya masikweya kilomita izikhala yoposa ya mailosi kawiri ndi theka nkupitirirako pang'ono. Mukaona kuti siinafike ndi kawiri komwe dziwani kuti wina wataimusa ndi 1.6. Yesani ndi Malawi, masikweya kilomita 118,484, mu mailosi ndi 45,747, mugawe pa kalikuleta muona 2.59 akutuluka.

Hekitala ndilibe nayo mangawa koma ili ndi malo ake. Ndi bokosi la mamita 100 mbali zonse, pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndiye mlimi wa mpunga kapena wa nzimbe amaiona m'maso mukangoitchula. Pa minda, pa sikimu, pa esiteti, palibe yoiposa. Ikafika pa maboma manambala amatupa. Gemu yomweyi ndi mahekitala pafupifupi 180,000, ndipo mwana wina wa mu kalabu ataona 180,000 pafupi ndi 118,484 anafunsa ngati gemu ndi yaikulu kuposa Malawi. Sindinamuseke, pa pepala zinkaonekadi choncho. Kusintha kwake nkosavuta, sikweya kilomita imodzi ndi mahekitala 100, mungochotsa maziro awiri. Koma samalani, ambiri amachotsa atatu poganiza za mamita 1,000 a mu kilomita, nkupeza gemu ya masikweya kilomita 180 basi.

Pofananiza maboma ine ndili ku sikweya kilomita, sindisuntha. Nkhotakota 4,259, Salima 2,196, ukangoyang'ana waona kale kuti Salima amalowa pafupifupi kawiri mwa ife (a ku Salima musakwiye, Senga Bay muli nayo). Mabuku a sukulu ndi malipoti a kalembera amagwiritsanso yomweyi, ndiye kusinthasintha kumachepa. Chongoyang'anira ndi choti nambala yawerengera nyanja kapena ayi, chifukwa 118,484 ya Malawi ija muli madzi, mtunda wokha ndi cha m'ma 94,000, ndipo apa ngakhale mutaimuse bwino bwanji mukhala mukufananiza zinthu zosiyana.

Sikweya mailosi ubwino wake ndi wochepa, mabuku akale a nthawi ya atsamunda ndi zolemba za ku Amereka zimabwera momwemo, komanso imagwirizana bwino ndi maekala, imodzi ndi maekala 640 ndendende. Kupitirira apo ine ndikangoona sq mi, chidule cha sikweya mailosi, ndimataimusa ndi 2.59 pompo ndisanawerenge mzere wotsatira. Tchati cholakwika chija ndinachitembenuza, pano ndi choyala pa shelefu ya mbale.