Kalipa ndi mamaikiromita awiri: zimene ndaona pakutha pa miyezi isanu ndi itatu

Zida zoyezera izi ndinagula mu sitolo ina ya zitsulo ku Limbe: kalipa ya veniya ya mamilimita 150 yowerenga mpaka 0.02, ndi mamaikiromita awiri, ina ya 0 mpaka 25 ndipo inayo ya 25 mpaka 50. Si za mtundu wotchuka ayi, ndi zapakatikati, zimene munthu wa shedi yaing'ono ngati ine angakwanitse. Ntchito yanga ndi yokonza mamota a zigayo ndi mapampu a madzi, ndiye sindinkafuna kulemba ndemanga zidakali zonyezimira. Pano zadya girisi mokwanira. Pa nyenyezi zisanu, mamaikiromita ndikuwapatsa zinayi, kalipa zitatu.

Tsiku loyamba ndinapukuta nsagwada za kalipa ndi kansalu, n'kuzitseka, n'kuzikweza kuyang'ana kuwala kwa pakhomo. Kumunsi zinagwirana bwino, koma kunsonga kunkaoneka kampata kakang'ono ngati tsitsi. Nditagwedeza mbali yake yotsetsereka pa ndodo ndinamva kuti ikusewera. Pamwamba pake pali timasikuluu tiwiri tomwe timakanikiza kachitsulo kopyapyala m'kati. Ndinatimanga pang'onopang'ono mpaka kusewera kunatha koma ikuyendabe ndi chala chachikulu chokha. Kampata kaja kanatsekeka. Mwina wina akanaibweza kusitolo, ndipo sindikanamunena, chifukwa chida chatsopano sichiyenera kufika chotero.

Mizere yake ndi yogoba, si yopaka utoto pamwamba, ndipo mpaka lero sinafufutike. Izi ndayamikira. Kawerengedwe kake ndi aka. Pa mbali yotsetsereka pali magawo 50 amene atambalala mamilimita 49, kotero gawo lililonse ndi lalifupi ndi 0.02 poyerekeza ndi milimita ya pa ndodo yaikulu. Mumayamba mwaona pamene mzere wa ziro wa mbali yotsetsereka waima. Ngati wapitirira 29 koma sunafike pa 30, muli ndi mamilimita 29 athunthu. Kenako mumayendetsa diso kufuna mzere umodzi wokha umene walunjikana ndendende ndi mzere wina wa pamwamba. Manambala olembedwa pamenepo, 1 mpaka 9, aliyense ndi 0.1, ndipo timizere tating'ono ta pakati pake ndi 0.02 kalikonse. Ukalunjikana mzere wachitatu kuchokera pa 9, ndiye kuti 0.9 kuwonjezerapo 0.06, zonse pamodzi 29.96.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anavutika sabata yathunthu chifukwa ankawerenga kuchokera m'mphepete mwa chitsulo chotsetserekacho m'malo mwa mzere wa ziro. Zonse zimene ankayeza zinkaperewera ndi mamilimita angapo, mofanana nthawi zonse, ndipo ndi mmene ndinadziwira pamene akulakwitsa. Vuto lina ndi la kalipa iyiyi: mbali yotsetsereka inakwera pamwamba pa ndodo, m'mphepete mwake ndi monenepa. Mukayang'ana chammbali, mzere wolunjikana umasamuka, mwina ndi kamzere kamodzi, mwina tiwiri. Tsinzinani diso limodzi, muyang'ane molunjika kuchokera pamwamba. Ine ndimaonanso mizere iwiri yoyandikana ndi umene ndasankha. Ngati ndasankha wolondola, wa kumanzere ndi wa kumanja yonse imaoneka yapatuka pang'ono, mofanana, moyang'ana m'kati.

Tsopano nkhani imene inandionetsa chimene chida chilichonse chingathe ndi chimene sichingathe. Bambo ena anabwera ndi mota ya chigayo, akudandaula kuti asintha beringi kawiri m'miyezi itatu koma phokoso silikutha. Beringi yake ndi 6206, ya bowo la mamilimita 30, kunja 62, kunenepa 16. Nditaizula inatuluka ndi manja okha, popanda chokokera, ndipo pa shafuti pamene imakhala panali potuwa ndi kafumbi kofiirira ngati dzimbiri. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti mphete ya m'kati ya beringi inkayendayenda pa shafuti m'malo moigwira.

Ndinayamba ndi kalipa. Inandipatsa 30.00. Nditayezanso inati 29.98. Mnyamata uja atayeza, atagwira ndi nsonga za nsagwada n'kukanikiza ndi mphamvu, inati 29.94. Shafuti imodzi, mayankho atatu. Apa si kuti kalipa ndi yoipa. Mizere yoyezera ili pa ndodo, pomwe chinthu choyezedwa chili uko kumunsi m'nsagwada, ndiye mukakanikiza, nsagwada imapendekeka pang'ono ndipo kupendekekako kumakula mukamapita kunsonga. N'chifukwa chake chitsulo mumachilowetsa m'kati kufupi ndi ndodo mmene mungathere, n'kutseka mpaka zangokhudzana basi. Koma ngakhale mutachita zonse bwino, malo okhala beringi ya 30 pa shafuti yozungulira ngati iyi amafuna kukhala pakati pa 30.002 ndi 30.015. Mpata wonsewo ndi 0.013, wochepa kuposa kamzere kamodzi ka kalipa. Simungaweruze mlandu umenewo ndi kalipa, kaya ikhale yodula bwanji.

Ndinatenga maikiromita ya 25 mpaka 50. Iyi siitsekeka mpaka pa ziro, ndiye imabwera ndi kandodo koyesera ka mamilimita 25 enieni. Ndinapukuta milomo yake iwiri ndi nsonga za kandodo, n'kuyeza. Inali itapitirira ndi 0.01. M'bokosi muli kasipanala kokhota kamene kamalowa m'kabowo kuseri kwa mkono wa manambala. Ndinaupotoza pang'ono mpaka ziro analunjikana ndi mzere wautali. Kuyambira pamenepo ndimaiyesa Lolemba lililonse ndipo sinasunthenso. Inzake ya 0 mpaka 25 inafika ili pa ziro. Iyoyo ndimaitsuka pokoka kapepala koyera pakati pa milomo ndisanaitseke.

Ndinamupatsa mnyamata kuti ayeze. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Abwana, ikuti 30.47. Ndiye shafuti yakula?"

Ndinaseka, koma cholakwa chimenechi ndinachichitapo inenso ndili wamng'ono, ndipo ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri pa maikiromita. Mazinga a m'kati mwake ndi a theka la milimita. Mukazungulitsa chigubu chake kamodzi, mlomo umayenda 0.5, ndipo chigubucho chagawidwa magawo 50, lililonse 0.01. Pa mkono pali mizere ya mitundu iwiri: mbali imodzi ya mzere wautali ikusonyeza mamilimita athunthu, mbali inayo matheka. Muyeso weniweni unali 29.5 pa mkono kuwonjezerapo 47 pa chigubu, kutanthauza 29.97. Koma chigubu chikafika cha m'ma 45, mzere wotsatira wa pa mkono umayamba kusuzumira m'mphepete. Iye anaona mzere wa 30 watulukira, n'kuuwerenga ngati wafika kale, n'kuikapo 47. Anaphonya ndi theka lathunthu la milimita.

Lamulo limene ndinamupatsa ndi losavuta. Ngati chigubu chili pa nambala yaikulu, 40 kupita m'mwamba, mzere umene ukungosuzumira sunafike, usauwerenge. Ngati chili pa nambala yaing'ono, 0 mpaka 10, mzerewo wadutsidwa kumene, uwerenge. Pa mamaikiromita awa mizere ya pa mkono ndi yonenepa, ndiye imasuzumira msanga kuposa pa ena amene ndinagwirapo, ndipo nyenyezi imodzi ndachotsera pomwepa. Apa ndi pamenenso kalipa imabwezera ulemu wake. Yezani ndi kalipa kaye. Ikanena kuti pafupifupi 30.0, ndiye 30.47 singakhale yoona. Kalipa imakuuzani mudzi, maikiromita imakuuzani khomo.

Sitinayeze malo amodzi. Pa 29.97 paja tinatembenuza shafuti kotala n'kupeza 29.99, ndipo chakumapeto kwa malo a beringi inali yochepa pang'ono kuposa chakuphewa. Shafuti inali itadyeka, komanso sinalinso yobulungira. Bambo aja akanagula maberingi khumi, onse akanatha chimodzimodzi. Poyeza chinthu chobulungira, maikiromita muziigwedeza pang'ono uku mukutseka kuti ikhale pakati penipeni, ndipo potsiriza musagwire chigubu, gwirani kachitsulo ka kumapeto kamene kamalira kuti tcheketcheke. Kakalira katatu, siyani. Ntchito yake ndi yakuti mphamvu yokanikizira ikhale yofanana kaya akuyeza ndinu kaya mnzanu. Ndinayesera dala kumanga ndi chigubu mpaka kulimba, ndipo muyeso unatsika ndi 0.01 yathunthu. Pa maikiromita yaikuluyo kachitsulo aka kanafika kouma, kanayamba kumveka bwino patapita masiku.

Tinawotcherera malowo n'kukapala pa makina. Apa m'pamene ndinatsala pang'ono kuwononga ntchito ndekha. Nditangomaliza kupala ndinayeza, inati 30.01 ndendende, ndipo ndinafuna kumasula. Koma shafuti inali yotentha moti sindikanaigwira nthawi yaitali. Chitsulo chimafutukuka pafupifupi 0.0115 ya milimita pa mita iliyonse pa digiri imodzi. Pa mamilimita 30, chikatentha ndi madigiri 30 kuposa chida choyezera, chimakula ndi 0.01. Ndinaisiya, tinapita kukadya. Pobwera inali 30.00, pansi pa muyeso wofunika. Zinatengera kuwotchereranso. Ulendo wachiwiri ndinasiya kanyama pang'ono, n'kudikira kuti izizire, kenako n'kumaliza. Inathera pakati pa mzere wa 30.00 ndi wa 30.01, kufupi ndi wachiwiriwo, ndipo beringi inalowa titaifunditsa, n'kugwira nganganga.

Miyeso ya zida zotere imakhazikitsidwa pa madigiri 20, ndipo wina anandifunsapo ngati kutentha kwa mu Okutobala sikusokoneza zonse. Pa chitsulo ndi chitsulo, osati kwenikweni. Maikiromita nayo ndi yachitsulo, ndiye zikakhala pa benchi limodzi ola lathunthu zimafutukuka limodzi. Choopsa ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa ziwirizo. Aluminiyamu ndi nkhani ina, chifukwa amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Mamaikiromita awa ali ndi pulasitiki pa chigoba chokhota kuti dzanja lisachitenthetse, gwirani pamenepo.

Nsagwada zing'onozing'ono za kalipa zoyezera m'kati ndimangozikhulupirira pongofuna kudziwa saizi. Pa bowo la 62 la chivundikiro cha mota zinandiuza kuti beringi ndi iti, koma osati ngati bowo lakula. Kandodo ka kumchira koyezera kuya n'kofewa, kamapindika mukakanikiza. Bokosi la kalipa linathyoka mahinji mwezi wachiwiri, pano ndimalimanga ndi mphira. Mamaikiromita ndimawasunga milomo ili yotsekula pang'ono, nditapaka kamafuta kopyapyala, ndipo nyengo yamvula yadutsa popanda dzimbiri.

Ndingagulenso? Mamaikiromita inde, mosakayika. Kalipa ndikanaonjezera ndalama n'kutenga ya mizere yogona pa levulo imodzi ndi ndodo, yosavutitsa diso. Mota ija yagwira miyezi isanu tsopano ndi beringi yomweyo.