Njinga yatsopano yayamba kudya oyilo: kalata yanga kwa ogulitsa

Kalata ili m'munsiyi ndakaipereka ndekha Lolemba kusitolo ya muno mu Zomba komwe ndinagula njinga yamoto ya 150cc. Dzina la sitolo ndi la njinga ndawachotsa chifukwa nkhaniyi ikadali m'manja mwawo. Miyezi iwiri yoyambirira ndinalibe dandaulo. Njingayo inkakwera msewu wa Ku Chawe mosavuta, petulo inkamwa pang'ono, ndipo mpando wake ndi wabwino pa ulendo wautali. Zomwe zinachitika mwezi wachitatu ndi izi.

Bwana Manijala,

Ndine kasitomala wanu wa ku Matawale amene ndinagula njinga yamoto kwa inu kumayambiriro kwa Meyi, ndipo ndinalipira ndalama zonse tsiku lomwelo. Pa khadi la walanti lomwe munandipatsa panalembedwa kuti injini ili m'manja mwanu kwa miyezi 6 kapena makilomita 10,000, chilichonse chomwe chingayambe kukwana. Lero njingayi yatha miyezi itatu ndi theka ndipo yayenda makilomita 4,180. Injini ikutentha oyilo, mphamvu yatha, ndipo anyamata anu a kugalaja andibweza kawiri popanda kulemba chilichonse. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, kuti zomwe ndinena zikhale papepala.

Ndiyambe ndi kasamalidwe, poti ndi komwe anyamata anu athamangira. Makilomita 500 oyambirira sindinapyole liwiro la 50, monga munandiuza, ndipo sindinanyamule munthu kapena thumba. Anzanga ankandiseka kuti ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Sevisi yoyamba ndinapangitsa kwa inu pa makilomita 510, yachiwiri pa 2,980. Zidindo zonse ziwiri zili m'kabuku ka sevisi. Oyilo amene ali mu injinimo, wa 20W-50, anathira ndi makaniko wanu, ndipo malisiti ndawasunga. Palibe makaniko wapansi pa mtengo amene anamasulapo bawuti ya injiniyi, ngakhale penti ya pamabawuti ikuchitira umboni.

Utsi ndinayamba kuuona pakati pa Julayi. Poyamba sindinade nkhawa, chifukwa m'mawa wa nyengo yozizira kuno ku Zomba njinga iliyonse imatulutsa nthunzi yoyera ikangoliza, kenaka imasiya injini ikatentha. Wangawu sunali wotero. Unali wobiriwira motuwa, wonunkha oyilo wopsa, ndipo sunkasiya. Mnzanga wina wa kabaza amene ankanditsatira pa msewu wa ku Jali ndiye anandiimitsa n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mwasakaniza oyilo mu petulo kodi?" Anati ndikangotsegula moto potuluka pa hampu, kumbuyo kumachita chifunga.

Usiku womwewo ndinaimika njinga pa sitandi yapakati, pamalo osalala, n'kudikira mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi. Nditasolola dipisitiki, oyilo anali atangonyowetsa kansonga kokha, kumunsi kwa mzere wotsiriza. Injini ya njingayi imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi, ndipo panali patangopita makilomita 600 chichokereni ku sevisi yanu. Kuti afikenso pa mzere wapamwamba ndinathira pafupifupi mamililita 400, wa mtundu womwewo, wogula pa kauntala yanu. Ndinayala katoni pansi pa injini usiku wonse kuti ndione ngati ikudontha. M'mawa katoniyo inali youma, ndipo injini kunja kwake kulibe pothimbirira. Oyilo amene sakudonthera pansi koma akutha, ndiye kuti akupsera m'kati.

Pulagi inanena zomwezo. Pulagi ya injini yabwino imakhala youma, nsonga yake yofiirira ngati tiyi wothira mkaka. Ikakhala yakuda koma youma, ya mwaye wonga wa pa galasi la nyali, vuto limakhala la kabuleta, kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya. Yanga inali yakuda, yonyowa, yonanda ngati phula, moti nditaipukuta ndi chala chinatsala chonyezimira. Ndinaijambula ndisanaitsuke. Chithunzicho ndachiphatika ku kalatayi.

Nditabwera koyamba, makaniko wanu sanaiyese n'komwe. Anamvetsera kulira kwa injini, anasintha pulagi, anandilipiritsa ponena kuti pulagi siili pa walanti, n'kundiuza kuti injini yatsopano imadya oyilo mpaka itakhazikika. Zoti pulagi siili pa walanti sindikutsutsa, zinalembedwa pa khadi pamodzi ndi matayala, mabuleki ndi mababu. Koma pulagi sinadwale yokha, inaphedwa ndi oyilo, ndipo yatsopanoyo inada chimodzimodzi pasanathe sabata. Zoti injini imadyako oyilo pang'ono ikakhala yatsopano ndi zoona, malingi a pisitoni asanagwirane bwino ndi khoma la silinda. Zimenezo ndi za makilomita oyambirira. Injini yomwe yadutsa 3,000 n'kuyamba kumene kudya oyilo siikukhazikika, ikuwonongeka.

Ulendo wachiwiri ndinabwera nditakonzeka. Ndinali nditapempha bambo wina wachikulire wa ku Chinamwali, amene wakonza njinga zamoto zaka zambiri, kuti ayeze kompuleshoni. Muyeso umenewu sufuna kutsegula injini. Amangochotsa pulagi, kumanga geji pabowo la pulagiyo, kutsegula moto mpaka kumapeto, n'kuponda kiki kangapo mpaka muvi utasiya kukwera. Anachita injini ili yofunda. Geji inaima pa 95 psi. Bamboyo anati injini yaing'ono ngati iyi, ikakhala yatsopano, amayembekezera kuona 150 kapena kuposerapo. Kenaka anathira kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo lomwelo n'kuyezanso, ndipo muvi unalumpha kufika pa 140.

Kulumpha kumeneku ndiye mtima wa dandaulo langa, choncho ndiloleni ndifotokoze ngakhale mukudziwa kale. Mpweya wopanikizika m'silinda umathawira malo awiri kawirikawiri: pamavavu ngati sakutseka bwino, kapena m'mbali mwa pisitoni ngati malingi sakugwira khoma. Oyilo wa pasupuni uja amayenderera n'kukatseka kwakanthawi mpata wa pakati pa malingi ndi khoma, koma sangatseke vavu yotayikira. Muvi ukanakhala pomwepo pa 95, tikanaloza mavavu. Poti unakwera chotero, vuto lili pa malingi kapena pa khoma la silinda. Utsi nawo ukugwirizana ndi zimenezi. Timalabala ta pamavavu tikatha, utsi umachuluka poliza m'mawa njinga itagona usiku wonse, kenaka umachepa. Wanga umachuluka pomwe injini ikugwira ntchito, pachitunda ndi potsegula moto. Kiki nayo yapepuka, phazi limangotsika lokha, ndipo chitunda chokwera ku Ku Chawe chomwe ndinkadutsa pa giya yachitatu tsopano chikufuna yachiwiri ndili ndekha.

Nditawauza zonsezi, anyamata anu anasintha nyimbo. Anati ndi fumbi la msewu wa ku Kachulu, komanso kuti ndimanyamula katundu wambiri. Za katundu ndivomere kuti ndimapita kukatenga mpunga ndi nsomba ku mbali ya Nyanja ya Chilwa, ndipo ndinakuuzani zimenezi tsiku logula, inu n'kunena kuti njingayi anaipangira ntchito yomweyo. Ndimanyamula thumba limodzi la makilogalamu 50, lopepuka kuposa munthu wamkulu wokwera kumbuyo. Katundu wolemera amayamba walemetsa kilatchi, tcheni ndi mashoko, ndipo zonsezo zili bwino.

Za fumbi ndi nkhani yomveka, sindikuinyoza. Fumbi likalowa mu injini limapala khoma la silinda ngati sanipepala, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezi. Koma kuti lifike kumeneko liyenera kudutsa pa sefa ya mpweya. Ndinapempha makaniko wanu kuti atsegule bokosi la sefayo ine ndikuona. Kunja kwa siponji kunali fumbi, monga ziyenera kukhalira mu Ogasiti. Mbali ya m'kati inali yoyera, ndipo paipi yalabala yopita ku kabuleta inali yosang'ambika, yomanga bwino. Anapisamo chala n'kutuluka choyera, anangondiyang'ana osanena kanthu. Ndipo ngati fumbi linalowadi, kumbukirani kuti womaliza kutsegula ndi kutseka bokosilo anali wa kugalaja kwanu pa sevisi yachiwiri.

Sindikunena kuti ndikudziwa chomwe chili m'katimo. Mwina lingi inathyoka, mwina anaiika mozondoka kufakitale, mwina silinda inatuluka yosakhala bwino. Zidzaoneka injini ikatsegulidwa, ndipo ndikupempha kuti aitsegule ine ndilipo, kuno kapena ku galaja yanu yaikulu ku Blantyre ngati zipangizo zili kumeneko. Ndikufuna kuona khoma la silinda ndi maso anga. Likapezeka ndi mizere yokandika yomwe chikhadabo chimakodwamo, kusintha malingi okha sikuthandiza, chifukwa malingi atsopano pa khoma lokandika amayambanso kudutsitsa oyilo posakhalitsa, mwina walanti itangotha kumene. Pamenepo musinthe silinda, pisitoni, malingi ndi magasiketi zonse pamodzi, popanda kundilipiritsa zipangizo kapena ntchito. Zochotsedwazo mundionetse, ndipo zomwe mwasintha zilembedwe m'kabuku ka sevisi ndi chidindo chanu.

Pali chinanso. Njingayi ndasiya kuiyendetsa kuyambira tsiku lomwe tinayeza kompuleshoni, poopa kuti oyilo angathe ndili panjira, injini n'kugwirana, inu n'kupezerapo chifukwa chonenera kuti ndinayenda popanda oyilo. Masiku onsewa ndikulipira akabaza kuti andinyamulire katundu, pomwe njinga yanga ili pakhonde itafunditsidwa chitenje. Ndalama zimenezo sindikukulipiritsani. Ndikungopempha kuti masiku amene njinga yakhala ndi vutoli, kuyambira tsiku lomwe ndinabwera koyamba kudzadandaula mpaka tsiku lomwe mudzandibwezere, muwaonjezere pa miyezi 6 ija.

Ndikupatsani masiku 7 kuti mundiyankhe molemba, kunena tsiku loti ndibweretse njinga. Akapitirira popanda yankho, nditengera kalatayi, malisiti, kabuku ka sevisi ndi zithunzi ku bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Sindikulakalaka kufika kumeneko. Mlamu wanga anali woti adzagule njinga ngati yomweyi kwa inu akagulitsa nandolo, ndipo ndamuuza kuti ayambe wadikira.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Matawale

Kalatayi ndinapita nayo makope awiri. Mayi wa pa kauntala ankafuna kungoilandira n'kuiika m'dilowa, koma ndinakana kuchoka mpaka atadinda ndi kulemba tsiku pa kope langa. Lachitatu masana manijala anandiimbira foni, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti ndibweretse njinga Lachisanu m'mawa ndipo adzaitsegula ine ndili pomwepo. Za silinda yatsopano ndi masiku oonjezera pa walanti sanalonjeze kanthu, anati tikaone kaye. Ndapangana ndi mwini kalole wina kuti ainyamule, sindiiliza mpaka itafika pakhomo pawo.