Canada kapena Australia: mapointi a munthu mmodzi pa masikelo awiri

Ife amene tinadutsa pa MSCE tinazolowera kuti mapointi ochepa ndiwo abwino, wa 6 ndiye katswiri. Ku nkhani yosamukira kunja ngati munthu waluso, wokhala ndi mapointi ambiri ndiye amaitanidwa. Canada ndi Australia onse amayang'ana zinthu zinayi zomwezo, zaka zakubadwa, maphunziro, ntchito imene wagwira, ndi Chingelezi, koma amaziyeza mosiyana kwambiri moti chinthu chimene uku chikukupatsa mapointi 45, uko sichikupatsa ngakhale imodzi.

Ndinaziona bwino tsiku lina msuweni wanga atabwera ndi zotsatira za mayeso a Chingelezi a IELTS, tinakhala pakhonde ndi kope n'kuyamba kuwerengetsa. Iyeyu ndi injiniya wa misewu, wa zaka 32, wosakwatira, ali ndi digiri yoyamba, ndipo wagwira ntchito zaka 6 konkuno. Anapeza 7.0 pa kuwerenga, 7.0 pa kulemba, 7.0 pa kulankhula, ndi 7.5 pa kumvetsera. Iye ankanyadira 7.5 ameneyo poti ndiye anali wamkulu pa onse, osadziwa kuti ndi yemweyo amene ankamugwetsa.

Tiyambe ndi Australia chifukwa masamu ake ndi afupi. Pa maviza a anthu aluso, monga 189 ndi 190, pamafunika mapointi osachepera 65 kuti munthu alowe pamzere wa odikira kuitanidwa, wotchedwa SkillSelect. Zaka 25 mpaka 32 zimapatsa 30. Digiri yoyamba ndi 15. Ntchito ya kunja kwa Australia ya zaka 5 mpaka 7 ndi 10. Kupeza 7 pa magawo onse anayi a IELTS ndi 10, ndipo kusakwatira ndi 10 enanso (apa msuweni anaseka, akuti aka n'koyamba kuti umbeta umupindulire). Zonse pamodzi ndi 75.

Canada ili ndi sikelo yaikulu yotchedwa CRS, ya mapointi 1,200, imene imagwira ntchito mu Express Entry, njira yawo yoitanira anthu aluso, kuyambira mu 2015. Kwa munthu wosakwatira, zaka 32 ndi mapointi 94, digiri yoyamba ndi 120. Chingelezi amachitembenuzira kaye ku makwerero awo otchedwa CLB, ndipo gawo lililonse la mayeso limawerengedwa palokha. Msampha wagona pa CLB 9: kuti munthu afikepo pamafunika 7.0 pa kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, koma pa kumvetsera pamafunika 8.0. Choncho 7.5 wa msuweni uja ndi CLB 8, ya mapointi 23, pamene magawo atatu enawo ndi 31 lililonse. Chingelezi chonse chinakwana 116.

Kutaya mapointi 8 pa kumvetsera si nkhani yolirira. Vuto lili pa gawo lina limene Canada imaphatikiza zinthu ziwiriziwiri, maphunziro ndi chilankhulo, kenako ntchito ya kunja ndi chilankhulo. Digiri yoyamba ikayenda ndi Chingelezi cha CLB 7 kapena 8 imapatsa mapointi 13 owonjezera, koma ikayenda ndi CLB 9 pa magawo onse anayi imapatsa 25. Ntchito ya kunja ya zaka 3 kapena kuposa imapatsa 25, koma ndi CLB 9 imapatsa 50. Mawu akuti "magawo onse" ndi amene ali ndi mano. Gawo limodzi likaperewera ndi theka lokha, zonse zimagwera pa mlingo wa m'munsi. Msuweni anapeza 13 ndi 25, ndipo titaphatikiza zonse zinakwana 368. Ndinamuuza kuti afufute 7.5 alembe 8.0, tiwerengenso. Chingelezi chinakwera kufika 124, zophatikiza zija zinakhala 75, zonse 413. Kusiyana kwake ndi mapointi 45, pa mafunso ochepa chabe a kumvetsera. Anaika cholembera pansi n'kukhala chete kwa kanthawi.

Nanga 8.0 yemweyo ku Australia amachita chiyani? Palibe. Kumeneko Chingelezi chili ndi masitepe atatu okha: 6 pa magawo onse amangokulowetsa pakhomo popanda pointi, 7 pa onse ndi 10, 8 pa onse ndi 20. Kuti munthu achoke pa 10 kufika pa 20 ayenera kupeza 8 ngakhale pa kulemba, ndipo aliyense amene analembapo mayesowa akudziwa kuti 8 wa kulemba satoleka m'njira. Ndiye amene akufuna kulipiranso ndalama za mayeso adzifunse kaye kuti akulembera dziko liti. Ngati ndi Canada, mphamvu zonse zipite pa kumvetsera. Ndipo alembe IELTS General Training, chifukwa Express Entry silandira Academic, komanso zotsatira zimatha mphamvu pakapita zaka 2. Kunena kuti tinaphunzira m'Chingelezi kuyambira ku pulayimale sikuthandiza, chifukwa Canada imafuna mayeso kwa aliyense, ngakhale wobadwira ku London.

Pa zaka zakubadwa, Canada ili ngati mtsetse pamene Australia ili ngati masitepe a pakhonde. Ku Canada munthu wa zaka 20 mpaka 29 ali ndi 110, ndipo akangokwanitsa 30 amayamba kutaya 5 kapena 6 chaka chilichonse. Pa 35 ali ndi 77, pa 40 ali ndi 50, kenako kutsika kumafulumira mpaka pa 45 sapeza kalikonse. Ku Australia wa 25 ndi wa 32 ndi ofanana, onse 30. Pa 33 amatsika kufika 25 n'kukhala pomwepo mpaka 39, pa 40 amatsika kufika 15. Choncho munthu wa zaka 39 ku Canada amakhala atataya theka la mapointi a zaka, pamene ku Australia wangotaya 5 pa 30. Koma Australia ili ndi nkhanza yake: pa 45 chitseko cha maviza amenewa chimatsekeratu, pamene ku Canada munthu amaloledwabe kulowa pamzere ngakhale mwayi wake uli wochepa. Ku Australia mapointi amawerengedwa pa tsiku limene waitanidwa, osati limene unalembetsa, moti msuweni akakwanitsa 33 ali pamzere, 75 uja adzakhala 70.

Pa ntchito, maiko awiriwa amaganiza motsutsana. Australia imalipira kukhalitsa: zaka zosakwana 3 palibe kanthu, 3 mpaka 4 ndi 5, ndipo 8 kapena kuposa ndi 15, bola zikhale za m'zaka 10 zapitazi komanso za ntchito imene walembetsa kapena yofanana nayo. Msuweni akagwira zaka zina 2, mapointi 5 amene wataya chifukwa cha kukula adzabwerera. Canada imasiya kuwerenga ntchito ya kunja pa zaka 3. Wa zaka 3 ndi wa zaka 15 ndi amodzimodzi, ndipo ntchitoyo ilibe mapointi akeake pa CRS, imangodutsira m'zophatikiza zija. Chimene Canada imakonda ndi ntchito yogwiridwa ku Canada komweko, chaka chimodzi 40, zaka 5 kufika 80. N'chifukwa chake munthu wokhala ku Lilongwe amavutika kupikisana ndi mnzake amene anaphunzira ku Toronto n'kugwirako chaka. Chenjezo limodzi pa Australia ndi lakuti zaka zimene zimawerengedwa ndi zimene bungwe loyesa luso lavomereza, osati zimene zili pa kalata ya abwana. Anthu a zamakompyuta amadziwa bwino, chifukwa bungwe lawo la ACS kawirikawiri limachotsa zaka 2 zoyambirira, nthawi zina kuposa, moti wa zaka 6 amatsala ndi 4, mapointi 10 n'kukhala 5.

Masitazi ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama mosaganiza. Ku Australia digiri yoyamba ndi masitazi wamba yophunzira kunja zonse ndi 15, udokotala wa maphunziro ndiwo 20. Ku Canada masitazi ndi 135 m'malo mwa 120, ndipo ikakumana ndi CLB 9 zophatikiza zija zimachoka pa 25 kufika 50, ndiye kuti phindu lonse ndi 40. Koma ngati maphunzirowo atenga zaka 2, msuweni adzakhala ndi zaka 34 ndipo adzakhala atataya 11. Phindu lenileni ndi 29, locheperapo kusiyana ndi la theka lija la kumvetsera limene angalipeze m'miyezi yochepa. Ndipo kulikonse digiri siiwerengedwa isanayesedwe, ku Canada ndi mabungwe monga WES, ku Australia ndi bungwe la ntchito yakoyo, monga Engineers Australia kwa mainjiniya. Mlingo umene iwo alemba ndi umene uli ndi mapointi, osati umene uli pa satifiketi.

Wina afunsa za Britain, poti nakonso amati ndi mapointi. Ndi mapointi a dzina chabe. Pa viza ya Skilled Worker pamafunika 70, ndipo 50 ndi okakamiza: ntchito yochokera kwa bwana wovomerezeka, ntchitoyo ikhale ya mlingo woyenera, ndi Chingelezi. Otsala 20 amachokera makamaka ku malipiro. Zaka zakubadwa zilibe mapointi akeake, ntchito ya kale ilibe, ndipo Chingelezi chopambana sichiwonjezera kanthu. Kumeneko usawerenge mapointi, funa bwana.

Ine ndimaona chonchi. Wa zaka zosakwana 30, makamaka wa masitazi ndi Chingelezi chabwino, sikelo ya Canada imamukomera. Wa zaka za m'ma 30, wa digiri imodzi koma wokhalitsa pa ntchito, sikelo ya Australia imamuchitira chilungamo kwambiri. Koma kukwana si kuitanidwa. Mu 2024 maulendo onse amene Canada inaitana anthu mosasankha gulu, malire anali pamwamba pa 500, moti ngakhale 413 sakanafikako. Njira zenizeni kwa munthu wotere ndi kusankhidwa ndi chigawo, kumene kumapatsa 600, kapena maulendo a magulu apadera amene anayamba mu 2023, monga a zaumoyo ndi a olankhula Chifalansa, amene malire ake amakhala otsika. Ku Australia nako 65 ndi chitseko chabe, ndipo pa ntchito zodzaza anthu amaitanidwa ali pamwamba kwambiri. Kusankhidwa ndi boma la chigawo kumawonjezera 5 pa viza 190, ndi 15 pa viza 491 ya madera a kunja kwa mizinda ikuluikulu. Malamulo amasinthanso, mwachitsanzo Canada inachotsa mapointi a kalata yolonjezedwa ntchito mu Malichi 2025, ndiye usanalipire chilichonse yang'ananso matebulo a boma.

Msuweni anasankha kuyamba ndi Australia. Anatumiza mapepala oti amuyese luso asanakwanitse 33, ndipo pa kope paja anazunguliza 491 poti 75 ndi 15 ndi 90. Koma IELTS ayibwerezabe, moti masiku ano akamapita ku ntchito m'minibasi amakhala ndi timahedifoni m'makutu, kufunafuna 8.0 uja.