Chingwe chotchipa cha HDMI chija, patapita miyezi

"Achimwene, chingwe cha mamita 10 munagula m'tauni chija chikadagwirabe? Ndikufuna chonga chomwecho cha PS5," wina anandifunsa choncho.

Chikadalipo, koma pa PS5 musayerekeze. Ine ndinachichotsako kalekale.

Nthawi yonse imene chinali pa dekoda kunyumba kwanga ku Rosettenville, ku Joni, sichinavutepo, chifukwa chithunzi cha 1080p n'chopepuka: ngakhale pa mafelemu 60 pa sekondi sichifika magigabiti 5 pa sekondi. Mavuto anayamba nditachilumikiza ku PS5 pa 4K. Poyamba tinkaona timadontho toyera tikuthwanima pamalo akuda a chithunzi, ngati ziphaniphani. Kenako TV inayamba kuthima masekondi awiri kapena atatu n'kuyakanso, makamaka gemu ikangoyatsa HDR, yomwe imawonjezera kuwala ndi mitundu pa chithunzi.

Chifukwa chake n'chakuti 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa 1080p, ndiye pa mafelemu 60 imafuna pafupifupi magigabiti 18 pa sekondi. Pa mafelemu 120 pamafunika chingwe cha gulu la magigabiti 48. Uthenga wothamanga chonchi umafooka msanga mu waya wa kopa, ndipo mita iliyonse imadyako mphamvu. Zingwe zotchipa zimakhala ndi timawaya towonda komanso chophimba chosalimba choteteza ku phokoso la magetsi, choncho pofika kumapeto kwa mamita 10 TV imalephera kusiyanitsa 1 ndi 0. Chithunzi sichichita kufuwirira pang'onopang'ono ngati cha eliyo yakale ayi. Chimakhala bwinobwino mpaka pamalire, kenako timadontho, kenako mdima.

N'chifukwa chake chingwe chotchipa cha mita imodzi kapena awiri nthawi zambiri chimapirira 4K, pamene chinzake chachitali chochokera pa shelefu yomweyo chimagonja.

Kuti mudziwe ngati wolakwa ndi chingwe, tsitsani chithunzi pa 1080p. Kuthima kukasiya, sendezani PS5 pafupi ndi TV, mubwezere 4K, mugwiritse chingwe chachifupi chimene inabwera nacho. Zikayenda bwino pamenepo, TV ilibe mlandu. Ine zinatero.

Zolemba za "8K" pa pulasitiki musazikhulupirire, aliyense amangosindikiza. Yang'anani chizindikiro cha "Premium High Speed" ngati mukufuna mafelemu 60, kapena "Ultra High Speed" pa 120, chokhala ndi QR yoti musikane pa foni. Pa mafelemu 120 chingwe cha kopa wamba chisapitirire mamita atatu, mwina asanu chikakhala chabwino kwambiri.

Pa mtunda wa mamita 10 ndinagula cha faiba, chimene chimatumiza chithunzi ndi kuwala. Marandi anapita ndithu, koma chichigulire sichinathimepo. Kungoti chimayenda mbali imodzi: mutu wolembedwa "Source" upite ku PS5, wa "Display" ku TV, mukatembenuza simuona kanthu. Ndipo pochidutsitsa pakhomo musachipinde kwambiri, chifukwa ulusi wam'katimo ukathyoka mungogula china.