Phiri m'zilembo za Chirasha: kuwasiyira eni chilankhulo kapena kulemba wekha?

Ana a Achewa a ku Mbare ndi Highfield, mumzinda wa Harare, amene akufunsira maphunziro ku Russia amalandira mayankho m'Chirasha, dzina lawo litalembedwa m'zilembo za kumeneko. Njira zolembetsera dzinalo m'zilembo zimenezi zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kutumiza dzina monga lilili m'pasipoti n'kuwasiyira iwo alisinthe. N'kosavuta, koma wolembayo amangotsata zilembo, sanalimvepo likutchulidwa. Akaona Ph amaganiza kuti ndi f, ndiye Phiri amasanduka Фири, kutanthauza Firi. Pamene ife h ameneyo timangosonyezera mpweya wotuluka pambuyo pa p. Chirasha sichisiyanitsa p ndi ph, choncho loyandikira kwambiri ndi Пири. Mukaona Ф kumayambiriro, dziwani kuti zalakwika.

Yachiwiri ndi kulemba nokha Пири m'kalata yoyamba yomwe, pambali pa Phiri wa m'pasipoti. Ine ndimakonda imeneyi, chifukwa woyankha amangokopera. Komabe ili ndi malire ake. Ngati viza kapena kalata yokuitanani yatuluka kale ndi Фири, musasinthe nokha pa mafomu otsatira, poti mapepala osiyana kalembedwe amaoneka ngati a anthu awiri. Pemphani ofesi yomwe inalemba ikonze kaye.