Kukokolola, kufufumitsa, kutsegula kapena kutseka: kabowo kamodzi kasankhitsa njira

Aliyense amene anasandutsapo chithunzi kuti chikhale cha mitundu iwiri yokha, woyera ndi wakuda, amadziwa zinyalala zimene zimatsalira: timadontho tapadera, timichira tolendewera m'mbali, timabowo m'kati mwa chinthu chimene chimayenera kukhala chodzaza. Zida zoyeretsera zilipo zinayi, ndipo zinachokera ku ntchito ya Georges Matheron ndi Jean Serra, amene mu 1964 ku École des Mines de Paris ankafufuza kaonekedwe ka miyala, kuphatikizapo ya chitsulo ya ku Lorraine. Mu OpenCV mudzaziona monga `erode`, `dilate`, `MORPH_OPEN` ndi `MORPH_CLOSE`. Ine ndizitchula kukokolola, kufufumitsa, kutsegula ndi kutseka. Ndazipatsa zonse chinthu chimodzi chaching'ono, choti mungachijambule pa pepala la masamu n'kuwerenga nokha.

Nachi chinthucho. Chizindikiro `#` ndi pikiselo yoyera, ya chinthu chathu, ndipo kadontho ndi pikiselo yakuda, yopanda kanthu.

```
...............
...............
..#######...#..
..#######......
..####.####....
..#######......
..#######......
...............
...............
```

Tiitche njerwa. Ili ndi mapikiselo 7 m'litali ndi 5 m'lifupi, koma ili ndi kabowo ka pikiselo imodzi chakumanja kwa pakati pake. Kumanja kwatuluka kamchira ka mapikiselo 2, ndipo chapamwamba pali kadontho kapadera. Zonse pamodzi ndi mapikiselo 37. Chimene tikufuna ndi njerwa yeniyeni ya mapikiselo 35, yopanda bowo, mchira kapena dontho.

Zida zonse zinayi zimagwira ntchito ndi kachidindo kamene mwasankha. Tiyamba ndi kachidindo ka sikweya, mapikiselo 3 uku ndi 3 uku, kamene mtima wake ndi pikiselo yapakati. M'munsimu, `A` ndi chithunzi chathu chija.

```python
import cv2
k = cv2.getStructuringElement(cv2.MORPH_RECT, (3, 3))
e = cv2.erode(A, k)
d = cv2.dilate(A, k)
o = cv2.morphologyEx(A, cv2.MORPH_OPEN, k)
c = cv2.morphologyEx(A, cv2.MORPH_CLOSE, k)
```

Pokokolola, mumaika mtima wa kachidindo pa pikiselo iliyonse n'kufunsa kuti, kodi mapikiselo onse 9 amene kachidindo kaphimba ndi oyera? Ngati ngakhale imodzi ili yakuda, pikiselo yapakatiyo imafufutidwa. Kadontho kamapita, kamchira kamapitanso, ndipo mphepete monse mwa njerwa mumadyeka. Njerwa ikanakhala yopanda bowo pakanatsala mapikiselo 15. Koma kwa kachidindo, bowo nalonso ndi mphepete. Pikiselo iliyonse yoyandikana ndi kabowo kaja imagwa, ndipo malo a pikiselo imodzi amasanduka dzenje la mapikiselo 9. Otsala ndi 6 okha, kumanzere:

```
...##..........
...##..........
...##..........
```

Kufufumitsa kumafunsa funso losavuta kulikhoza: kodi pali pikiselo yoyera ngakhale imodzi pansi pa kachidindo? Ikakhalapo, yapakatiyo imayera.

```
.#########.###.
.#########.###.
.#############.
.###########...
.###########...
.#########.....
.#########.....
```

Kabowo katsekeka, inde, koma pa mtengo waukulu: mapikiselo achoka pa 37 kufika pa 77. Ndipo taonani mzere wachitatu wa chithunzi chimenechi. Kadontho kaja katupa, kamchira katupanso, ziwirizi zakumana. Poyamba panali zinthu ziwiri, tsopano pali chimodzi. Ngati mukuwerenga njere za nyemba zimene mwajambula pa tebulo, apa ndi pamene chiwerengero chimatsika popanda kukuchenjezani.

Choncho zida ziwiri zoyambazi, pazokha, sizoyeretsera. Zimasintha kukula kwa chinthu. Ndimakokolola ndikafuna mtima wa chinthu chilichonse kuti ndiziwerenge padera, ndimafufumitsa ndikafuna kunenepetsa mzere woonda mwadala, basi. Mpikisano weniweni uli pakati pa kutsegula ndi kutseka, chifukwa ziwirizi zimabweza chinthu pa kukula kwake.

Kutsegula ndi kukokolola kenako kufufumitsa ndi kachidindo komweko. Wina angaganize kuti popeza wachotsa n'kubwezera, ndiye kuti wabwerera pomwe anali. Ayi ndithu. Chimene chafufutika kotheratu sichiukanso, popeza palibe chotsala choti chifufume. Pali njira yosavuta yoonera kutsegula m'mutu osachita masitepe awiriwo: yendetsani kachidindo m'kati mwa chinthucho osalola kuti katulukire kunja, ndipo paliponse pamene kafikapo ndi pamene patsale. Mu kamchira sikangalowe. Pa kadontho sikangakwane. Mpaka apa zonse zili bwino. Koma yang'anani mbali ya kumanja kwa njerwa. Pamwamba pa kabowo pali mizere 2 yokha, pansi pake mizere 2, ndipo kumanja kwake njerwa ili ndi mapikiselo 2 m'lifupi. Kachidindo kakufuna malo a 3, sikapeza pokhala kulikonse.

```
..####.........
..####.........
..####.........
..####.........
..####.........
```

Tatsala ndi mapikiselo 20. Zinyalala zimene timafuna kuchotsa zinali mapikiselo 3, koma apita ndi 17, ndipo 14 mwa amenewa anali a njerwa yeniyeni. Kabowo ka pikiselo imodzi kagwetsa mizere itatu yotsika. Pa chithunzi chachikulu zimenezi zimaoneka ngati chinthu cholumidwa ndi khoswe mbali imodzi, ndipo munthu amayamba kudandaula za kamera kapena kuwala pamene wolakwa ndi dongosolo la zida.

Kutseka ndi kufufumitsa kenako kukokolola. Apa kachidindo kamayenda kunja, m'malo akuda, ndipo paliponse pamene sikangalowe pamadzazidwa. Mu kabowo sikakwana, choncho kabowo kamatsekeka. Pakati pa njerwa ndi kadontho pali mpata wa mapikiselo 3, ndipo pamwamba pa kamchira kachidindo kamakwana ndendende, ndiye kukumana kumene tinakuona pofufumitsa kumamasukanso. Zotsatira ndi mapikiselo 38: chithunzi choyamba chija, kuwonjezerapo pikiselo imodzi yokha. Kamchira ndi kadontho zikadalipo, chifukwa kutseka sikuchotsa pikiselo yoyera iliyonse, monganso kutsegula sikuwonjezera iliyonse. Mfundo imeneyi ndi chida choyesera ntchito yanu. Mukawerenga mapikiselo oyera, chiwerengero chiyenera kukwera motsatana, kapena kufanana, kuchokera pa chokokolola, chotsegula, choyambirira, chotseka mpaka chofufumitsa. Kwa ife ndi 6, 20, 37, 38 ndi 77.

Palibe chida chimodzi chimene chatipatsa 35. Tiyenera kuphatikiza ziwiri, ndipo funso ndi loti chiyambe n'chiti. Mukayamba ndi kutsegula mumapeza mapikiselo 20 aja, ndipo kutseka sikupezanso choti kukonze, mumathera pa 20 pomwepo. Mukayamba ndi kutseka, kabowo kamadzaza, kachidindo kamapeza malo m'njerwa yonse, kukokolola kumasiya mapikiselo 15, ndipo kufufumitsa kumabweza njerwa yathunthu ya 35, yopanda mchira, yopanda dontho. Zida ndi zomwezo, kachidindo ndi komweko, kusiyana kwa mapikiselo 15 kwabwera ndi dongosolo lokha.

Sindikunena kuti kutseka kuziyamba nthawi zonse. Kadontho kaja kakanakhala pa mpata wa mapikiselo 2 kuchokera pa njerwa, mu mzere womwewo, kutseka kukanakamata ku njerwa. Pano kadonthoko kakanachokabe potsegula, koma cholumikizacho chikanaphatikana ndi kamchira n'kutsala ngati chotupa cha mapikiselo 6 pa njerwa, ndipo timadontho tikachuluka pafupipafupi, kutseka kumatiumba kukhala chibuma chimodzi chimene kutsegula sikungachichotse. Lamulo langa ndi ili: ngati zinyalala zambiri ndi timabowo ta m'kati, yambani ndi kutseka, ngati ndi fumbi la kunja lothithikana, yambani ndi kutsegula.

Tsopano tisinthe kachidindo. Ka mtanda, `cv2.MORPH_CROSS`, kali ndi mapikiselo 5: wapakati ndi anzake anayi, pamwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja. Popeza kalibe ngodya, kamatha kuyandikira kabowo mopendama. Kukokolola kumasiya mapikiselo 11 m'malo mwa 6, ndipo kutsegula kumasiya 29 m'malo mwa 20:

```
...###.#.......
..#######......
..####.###.....
..#######......
...###.#.......
```

Mbali ya kumanja yapulumuka, koma mtanda uli ndi mtengo wakewake. Ngodya zonse zinayi za njerwa zapita, chifukwa dzanja la mtanda silifika pa ngodya popanda lina kutulukira kunja. Pamwamba ndi pansi pa kabowo, m'mphepete, pagumuka pikiselo imodzi imodzi. Ndipo kamchira sikanathe konse: pikiselo yake yoyamba yatsala, popeza dzanja la mtanda lakwanamo. Pa zinthu za ngodya zakuthwa monga timabokosi ta pa fomu, sikweya ndiye woyenera. Pa zinthu zobulungira monga njere, mtanda kapena `MORPH_ELLIPSE` umawononga pang'ono.

Apa pali msampha kwa amene amasinthasintha mapulogalamu. Mu OpenCV, mukapanda kupereka kachidindo ku `erode`, pulogalamuyi imatenga sikweya ya 3 ndi 3. Mu SciPy, `scipy.ndimage.binary_erosion` imatenga mtanda. Anthu awiri angapikisane mawu tsiku lonse, wina akuti 6 wina akuti 11, onse akunena zoona.

Kukula kwa kachidindo nako sikufuna kuyerekeza ndi maso. Kutsegula kawiri ndi kachidindo komweko sikusintha kanthu kachiwiriko. Chimene chapulumuka ulendo woyamba chidzapulumuka mpaka kalekale. Koma `iterations=2` mu `morphologyEx` sikutanthauza kutsegula kawiri. Kumatanthauza kukokolola kawiri kenako kufufumitsa kawiri, zimene ndi chimodzimodzi kutsegula ndi sikweya ya 5 ndi 5. Pa njerwa yathu yabowoyi palibe malo oyera a 5 ndi 5, choncho chithunzi chimatuluka chakuda bii. Kutseka ndi sikweya ya 5 nako kumadzaza mpata wa mapikiselo 3 uja, kadontho n'kumatirira ku njerwa. Muyese kaye kunenepa kwa chinyalala chachikulu ndi kuonda kwa mbali yopyapyala kwambiri ya chinthu chanu. Kachidindo kazikula kuposa choyambacho koma kasapose chachiwiricho. Ngati ziwirizi n'zofanana, monga pa chilembo cholembedwa ndi cholembera choonda, zida izi sizingasiyanitse, ndipo ndi bwino kuchotsa timadontho powerenga kukula kwa chigawo chilichonse ndi `cv2.connectedComponentsWithStats`.

Mizere iwiri yopanda kanthu imene ndasiya kuzungulira njerwa siyokongoletsa. Pokokolola, OpenCV imaona kunja kwa chithunzi ngati koyera, pamene SciPy imaona ngati kwakuda, `border_value=0`. Mukasiya mzere umodzi wokha, kutseka kwa OpenCV kumafufumitsa njerwa mpaka m'mphepete mwa chithunzi, kenako kukokolola sikuibweza, ndipo njerwa imamatirira ku khoma. Ku SciPy vuto limatembenuka: chinthu chokhudza mphepete chimadyeka ngakhale potseka, chiwerengero n'kutsika pamene chimayenera kukwera. Mankhwala ake ndi kuwonjezera mizere yakuda ndi `np.pad` musanayambe, n'kuidula mukamaliza.

Ndipo musanachite chilichonse, onani kuti choyera ndi chiti. Zida zonsezi zimatenga choyera ngati chinthu. Pa pepala losikanidwa, zilembo ndi zakuda ndipo pepala ndi loyera, choncho `erode` imadya pepala, zilembo n'kunenepa, ndipo `MORPH_OPEN` imadzaza timipata ta m'zilembo m'malo mochotsa fumbi. Mukaona chida chikuchita ntchito ya mnzake, tembenuzani chithunzi ndi `cv2.bitwise_not` kapena gwiritsani `cv2.THRESH_BINARY_INV` pochigawa, kenako werengani mapikiselo oyera kachiwiri.