Mfuti ya makokedwe awiri a thiriga patatha chaka: chipolopolo choyamba ndi nkhani ya sipuling'i

"Achimwene, mfuti munagula ija ikukusangalatsanibe? Ogulitsa akundiuza kuti nditenge ya dabulo akishoni ngati yanuyo, koma ena akuti thiriga yake ndi yolimba moti munthu suloza bwino. Zoona zake ndi ziti?"

Onse awiri akunena zoona, ndipo nkhani yanga ndi ogulitsa agona pomwepo. Ndiyambe ndi zosavuta. Mfutiyi ndi ya zipolopolo za mamilimita 9, yachitsulo yonse, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ikakhala yopanda zipolopolo. Chaka chapita ndi miyezi pamwamba, sinachitepo dzimbiri, magazini ake sakakamira, ndipo m'dzanja imakhala bwino. Kuitsuka nkosavuta. Zimenezi sinditayirapo nthawi.

Chomwe ogulitsa ambiri safotokoza bwino n'chakuti mfuti yotereyi ili ndi makokedwe awiri pa thiriga imodzi. Kanyundo, kachitsulo ka kumbuyo kwa mfuti kamene kamamenya kuti mfuti ilire, kakakhala kogona, chala chako chimagwira ntchito ziwiri: chimakankhira kanyundoko kumbuyo molimbana ndi sipuling'i yake, kenako n'kukamasula kuti kamenye. Ndiye dabulo akishoniyo. Mfuti ikalira, silayidi, chitsulo cha pamwamba pa mfuti chimene chimatsetsereka, imabwerera m'mbuyo ndipo imasiya kanyundo kali kotchera kale. Kuyambira chipolopolo chachiwiri chala chimangotsala ndi ntchito imodzi, yomasula basi, ndipo iyi ndiyo singulo akishoni. Si nzeru yatsopano ayi. A kampani ya Walther anaiyika pa mfuti yawo ya PP mu 1929, ndipo Beretta 92, imene asilikali a ku America anaitenga mu 1985 n'kuitcha M9, imagwiranso ntchito chimodzimodzi. Colt 1911 ndi ya singulo akishoni yokhayokha: kanyundo kakagona, ukoke thiriga mpaka chala chitupe, siilira.

Yangayi ndinaiyezetsa pa sikelo ya thiriga isanakhudzidwe ndi munthu. Kukoka koyamba kunali makilogalamu 5.5, ndipo thiriga imayenda mtunda woposa sentimita imodzi isanamasule. Kukoka kwachiwiri kunali makilogalamu 2, ndipo ukachotsa kulewa kwa poyambira, imangosuntha pang'ono n'kulira. Tsono taganizani: chinthu cholemera kilogalamu imodzi ukuchikoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kasanu, ndi chala chimodzi, ndipo ukufuna kuti chisagwedezeke. Chala cholozera sichigwira ntchito pachokha. Ukachilimbitsa, zala zinazo zimafinya nawo, ndipo kwa munthu wa dzanja lamanja mphuno ya mfuti imatsikira pansi chakumanzere. Wamanzere zake zimapita pansi chakumanja.

Kugwedezekako sikufunika kukhala kwakukulu. Pa mfuti yanga, kuchokera pa cholozera chakumbuyo kufika pa chakutsogolo pali masentimita pafupifupi 15. Cholozera chakutsogolo chikapatuka milimita imodzi yokha pa nthawi imene kanyundo kakugwa, pa mamita 10 chipolopolo chimaphonya ndi masentimita pafupifupi 7. Pa mamita 25 ndi masentimita 17. Milimita imodzi diso silimaiona n'komwe ukakhala kuti mtima uli pa chandamale. N'chifukwa chake pa mipikisano ya ISSF, bungwe la padziko lonse la masewera owombera, anachita kuika malire, kuti thiriga ya mfuti yowombera pa mamita 25 isapepuke kuposa magalamu 1000, chifukwa aliyense akudziwa kuti yopepuka imathandiza kuloza. Apolisi a ku New York anakhala zaka zambiri ndi thiriga ya mapaundi 12, yofanana ndi kukoka kwanga koyambako, pofuna kupewa kuwombera mwangozi, koma mu 2021 anayamba kupatsa apolisi atsopano yopepuka, ya mapaundi 5, ataona kuti amaloza nayo bwino.

Pepala langa la chandamale linkanena zomwezo mlungu uliwonse. Mabowo anayi kapena asanu ataunjikana pakati moti ungawaphimbe ndi chikhatho, koma limodzi lili lokha pansi kumanzere. Limenelo ndiye loyamba. Nthawi zina lachiwiri nalo linkathawira m'mwamba, chifukwa chala chimabwera chitakonzekera makilogalamu 5.5 n'kupeza 2, mfuti n'kulira usanakonzeke. Mpope wa mfuti ulibe mlandu pamenepa. Ndikaika manja pa thumba la mchenga n'kutchera kanyundo ndi chala chachikulu, zonse zimalowa malo amodzi.

Chinkandinyansa kwambiri si kulemera kokha. Chakumapeto kwa kukoka koyamba thiriga inkalimba mowonjezereka, ndipo penapake inkakhula ngati muli mchenga, kenako n'kudumpha. Thiriga yolemera koma yosalala munthu umaizolowera, chifukwa umadziwa kuti ikuyenda bwanji. Yokhula imakupangitsa kuima pakati, kenako umaitswanya mwamphamvu kuti zithe, ndipo mphuno ya mfuti imagwa pomwepo.

Ndinabwerera kwa ogulitsa aja. Anandilandira ndi manja awiri, n'kundiuza kuti vutoli ndi laling'ono, mankhwala ake ndi sipuling'i ya kanyundo yofewa. Anandigulitsa, anaiikamo okha, ndinalipira sipuling'i ndi ntchito yomwe. Sikelo inasonyeza makilogalamu 3.8. Masabata oyambawo ndinali wosangalala zedi, bowo lothawa lija linasendera pafupi ndi anzake, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti mfuti ngati iyi kulibe.

Kenako inayamba kukana. Ukoka thiriga, kanyundo kagwa, "kha!", chete. Zikatere suthamangira kutsegula. Umailozabe ku chandamale kwa masekondi 30, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuyaka. Nditachotsa chipolopolocho ndinachiyang'ana kumbuyo, pa kabatani kamene kamayatsa wonga, kotchedwa pulayima. Pa zikhokhombe za zipolopolo zolira bwino pamakhala kadzenje kozama, kozungulira bwino. Pa ichi panali kachipsera kosazama, ngati wangodinda ndi nsonga ya bolopeni. Nditachibwezeramo chinalira pa kumenya kwachiwiri. Umenewo ndiwo umboni woti chipolopolo chilibe vuto, koma kanyundo kamenya mofooka.

Nditayamba kusunga zokanazo m'kachitini ndinaona zinthu ziwiri. Zonse zinali za mtundu wotsika mtengo, wopangidwa mwa chisilikali, umene pulayima yake ndi yolimba. Ndiponso pafupifupi zonse zinakana pa kukoka koyamba, osati pa singulo akishoni. Chifukwa chake n'chakuti pa mfuti zambiri zamtunduwu, kanyundo kamamasuka kasanafike kumbuyo kwenikweni ukamakoka dabulo akishoni, choncho kamagwa kuchokera pafupi ndi mphamvu yocheperako. Sipuling'i ya kufakitale imakhala ndi mphamvu yotsalira yokwanira kubisa kusiyana kumeneku. Yofewa ilibe. Sipuling'i imene imalemetsa chala chako ndi yomweyo imene imamenya pulayima, ndiye sungachepetse kwina osachepetsa kwinako. Mawu amenewa ogulitsa sanawatchule tsiku limene ankalandira ndalama zanga.

Nditapita ndi kachitini kanga nkhope zinasintha. Poyamba anati ndimagula zipolopolo zoipa, chonsecho zipolopolozo ndinagula pa kauntala yawo yomweyo. Kenako anati chitsimikizo cha mfutiyo chinatha mphamvu chifukwa munalowa chitsulo chosakhala cha kufakitale. Ndinawafunsa kuti, "Nanga anaikamo ndani, bambo?" Anangoti iwo anachita zimene kasitomala anapempha. Sipuling'i yanga yoyamba nayo akuti sakuiona. Tsiku limenelo ndinatuluka nditatsimikiza zoigulitsa mfutiyo pa mtengo uliwonse, ndigule ya thiriga imodzi yosasinthasintha ngati Glock, imene imakoka pafupifupi makilogalamu 2.5 kuyambira chipolopolo choyamba mpaka chomaliza.

Amene anandibweza ndi mmisiri wina wachikulire wokonza mfuti, wosalankhula zambiri. Anaimasula ndikuona. Anandionetsa kachitsulo kamene kamalumikiza thiriga ndi kanyundo: m'mbali mwake munali mzere wonyezimira pomwe kankakhulana ndi thupi la mfuti, ndi kampeni kakang'ono kotsalira popanga. Kukhula kuja kunkachokera pamenepo, osati ku sipuling'i. Anapasalaza pamenepo pokha. Mano amene amagwira kanyundo kakatchera anakana kuwakhudza, akuti ukawapala molakwika mfuti imatha kulira yokha ikagwa pansi kapena kanyundo kamatsatira silayidi. Anatsukanso njira ya kamsomali komenya pulayima, momwe munali mafuta ouma osakanikirana ndi mwaye, zomwe zinkadyanso mphamvu ya kanyundo. Pomaliza anaikamo sipuling'i yapakatikati. Sikelo inati makilogalamu 4.5, ndipo kuchokera tsikulo sinakanepo, ngakhale ndi zipolopolo zolimba zija.

Chodabwitsa n'chakuti ndi 4.5 yosalala ndikuloza bwino kuposa mmene ndinkachitira ndi 3.8 yokhula. Gawo lina ndi ntchito ya mmisiriyo, gawo lina ndi zimene anandiphunzitsa kuti ndizichita kunyumba. Umachotsa magazini, umayang'ana m'mpope kawiri, zipolopolo umazisiya chipinda china, umaloza khoma lotetezeka, n'kuika ndalama yachitsulo pamwamba pa silayidi. Ukoke dabulo akishoni mpaka kanyundo kagwe ndalamayo isanagwe. Kukoka kwake kukhale kumodzi, kosaima panjira, kolunjika kumbuyo. Anandiuzanso kuti ndilowetse chala mpaka pa mfundo yoyamba, osati kansonga kokha, chifukwa kansonga kalibe mphamvu ndipo kamakankhira mfuti cham'mbali. Ku bwalo lowomberako ndimawombera awiriawiri: choyamba cholemera, chachiwiri chopepuka, kenako ndimagonetsa kanyundo ndi kachitsulo kake kotsitsira n'kuyambiranso. Anthu ambiri amatchera kanyundo ndi chala n'kumaliza magazini yonse pa singulo akishoni, n'kumadzitama ndi pepala, pomwe kukoka kumene angayambire pa tsiku lovuta sanakuyesepo.

Ubwino wa kukoka kolemerako ndimauona tsopano, ngakhale masiku ena pepala likaipa ndimauiwala. Mtunda wautali uja umapatsa munthu mpata wozindikira kuti chala chayamba kuyenda. Sikuti umalowa m'malo mwa lamulo loti chala chisakhale pa thiriga usanafune kuwombera, koma ndi malire enieni. Choopsa chili pambuyo pa kuwombera: mfuti imatsala yotchera pa makilogalamu 2, ndipo woiwala kugonetsa kanyundo asanaibweze m'chikwama chake ndiye amadzipweteka.

Pa ndalama ndiye mtima umandiwawabe. Ndikaphatikiza sipuling'i yosathandiza ija, ntchito ya ogulitsa, ntchito ya mmisiri, ndi zipolopolo zimene ndinawononga pofufuza vuto, zikuyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa mfutiyo. Mfuti yanga sindigulitsa tsopano, koma kwa ogulitsa aja sindidzagulakonso ngakhale kabotolo ka mafuta. Inuyo mukapita, pemphani kuti akuloleni kukoka thiriga ya mfuti yeniyeniyo imene mutenge, osati yachionetsero, ili yopanda zipolopolo, ndipo muone ngati chala chanu chikufika bwino kanyundo kali kogona, popeza apo thiriga imakhala patsogolo kwambiri. Akakana, tulukani. Akatchula zosintha sipuling'i, awalembe papepala kuti chitsimikizo chikhalabe, ndipo yoyambayo akupatseni m'manja. Ngati mukudziwa kuti ku bwalo muzipitako mwa apo ndi apo, tengani ya thiriga yosasinthasintha.